Bala likutupa chifukwa likupola, kapena latukusira?

Anthu ambiri amachita mantha ndi bala pa tsiku lachiwiri, pamene latupa, likutentha ndiponso likuwawa kuposa dzulo lake. Pofika tsiku lachisanu mantha aja amakhala atatha, bandeji aiwala kusintha, munthu wabwerera kuntchito. Chonsecho tsiku lachiwiri ndi lija bala labwinobwino limaoneka moipa, ndipo kuyambira lachinayi mpaka lachisanu ndi chiwiri ndi pamene mabala ambiri olowa tizilombo amayamba kudziulula. Kutupa, kutentha, kufiira ndi ululu zimapezeka pa bala lomwe likupola komanso pa bala lomwe latukusira, choncho kungoziona sikukuuzani kanthu. Chimene chimasiyanitsa ndi kumene zinthuzo zikulowera. Bala lomwe likupola limafika pachimake pa kutupa pakati pa maola 48 ndi 72, kenako limayamba kutsika ndipo silibwereranso m'mbuyo. Bala lotukusira limapitirira kukwera, kapena limatsika kaye n'kutembenuka.

Kutupa koyamba kuja ndi ntchito ya thupi lenilenilo. Khungu likang'ambika, magazi amaundana kuti atseke pobooka, ndiye timitsempha ta magazi ta m'mbali mwa bala timatanuka kuti magazi ambiri afikepo. N'chifukwa chake pamatentha ndi kufiira. Timitsemphato timayambanso kudontheza madzi mu mnofu, ndipo m'madzimo mumabwera maselo oyera a magazi, asilikali a thupi aja, kudzadya tizilombo, fumbi ndi mnofu wakufa. Madziwo ndi amene amatupitsa, ndipo kutupako kukamapanikiza mitsempha ya ululu munthu amamva kuwawa. Palibe bala lomwe limapola osadutsa pamenepa. Komanso palibe bala lopanda tizilombo n'komwe, chifukwa khungu lathu limakhala nato nthawi zonse. Timati bala latukusira pamene tizilomboto tachulukana kuposa mmene asilikali aja angathere, n'kuyamba kulowerera mu mnofu wamoyo.

Titenge mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, wazaka za m'ma 20, wopanda matenda ena. Ndi mwezi wa Epulo, mvula ya ku Mzuzu sinaleke, ndipo Lolemba m'mawa waterereka m'matope pa msewu wa ku Chiputula. Chitsulo chopondera chamucheka pamsongolo, bala la masentimita 5 m'litali. Kuchipatala alitsuka, alisoka ndi mfundo 5 za ulusi, amubaya katemera wa kafumbata, amuuza kuti azikamangitsa ndipo ulusi adzachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14, monga zimakhalira ndi mabala a kumiyendo.

Lachiwiri madzulo msongolo watupa, sokosi ikusiya mzere pa kakolo, ndipo akaimirira akumva magazi akutsikira pabalapo. Lachitatu bandeji ili ndi banga la madzi achikasu chotuwa osakanikirana ndi timagazi. M'mbali mwa bala muli kamzere kofiirira kotambalala mamilimita 3 mpaka 5, kofanana mbali zonse, kotsatira bala lenilenilo. Pamene ulusi walowa pakhungu pali timadontho tofiira. Zonsezi n'zabwinobwino. Akagona n'kusanjika mwendo pa pilo, kutupa kumachepa pofika m'mawa. Akamwa panado ululu umagonja ndipo amagona tulo. Akudya nsima yake monga mwa masiku onse. Lachinayi akadzuka, funso lofunika ndi limodzi: kodi lero kuli bwino kuposa dzulo? Ngati yankho ndi inde, ngakhale pang'ono chabe, balalo lili panjira yake.

Vuto la mawu oti kufiira

Mabuku ambiri a zachipatala amalongosola kufiira ngati kuti munthu aliyense ndi woyera khungu. Pa khungu lakuda, kufiira kwa bala lotukusira nthawi zambiri sikuoneka kofiira. Malowo amangoderapo kuposa khungu lozungulira, kapena amaoneka ngati papsa ndi dzuwa, kapena amanyezimira chifukwa khungu lakungika ndi kutupa ndipo timizere take tachibadwa tafafanizika. Munthu amene akudikira kuti aone kufiira kwa phwetekere angadikire mpaka zinthu zitaipa. Choncho maso okha sakwanira. Yang'anirani balalo panja kapena pawindo, pa kuwala kwa dzuwa, osati pa tochi ya foni kapena babu la m'chipinda. Ikani miyendo yonse iwiri pamodzi n'kuyerekeza malo omwewo pa mwendo wabwinowo. Kenako sambani m'manja ndi sopo n'kugwiritsa ntchito kuseri kwa dzanja, kumene kumamva kutentha bwino kuposa chikhatho. Yambirani kutali, pafupi ndi bondo, n'kumatsika pang'onopang'ono cha ku bala, ndipo muone pamene kutentha kwayambira. Bwerezani ndi nsonga ya chala, mukudina mopepuka, kuti mupeze pamene khungu layamba kulimba ndi pamene wodwalayo wayamba kudzuma. Pa bala lomwe likupola, malire a kutentha, kulimba ndi ululu amakhala pafupi kwambiri ndi bala, osapitirira kutambalala kwa chala chimodzi. Pa bala lotukusira, malirewo amapezeka patali, ndipo kawirikawiri amakhala atatsogola mbali imodzi.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, Mzuzu ikazizira, manja amakhala ozizira moti chilichonse chimene mwakhudza chimamveka chotentha. Tikitani manja kaye, ndipo musagamule musanakhudze mwendo winawo.

Mukapeza malirewo, ajambuleni. Tengani bolopeni, lembani mzere pakhungu pomwe kusintha kwa mtundu kapena kulimba kwathera, ndipo pambali pake lembani tsiku ndi ola. Musalembe pabala penipeni. Anamwino amachita zomwezi m'mawodi, chifukwa maso a munthu amene amaona bala tsiku ndi tsiku amazolowera, ndipo sentimita imodzi yowonjezereka saiona. Onaninso pakatha maola 12, kenako 24. Ngati kuderako kwabwerera m'kati mwa mzere, mtima ukhale pansi. Ngati kwaudumpha, balalo liyenera kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo. Pa muyeso, kufiira kopitirira masentimita 2 kuchokera m'mphepete mwa bala, pafupifupi kutambalala kwa chala chachikulu cha munthu wamkulu, n'kokayikitsa kale, ndipo kukafika masentimita 5 ndiye kuti tizilombo talowerera m'khungu mokwanira kufuna mankhwala akumwa kapena obaya. Chithunzi cha pafoni chimathandizanso, bola chijambulidwe pamalo amodzimodzi, pa kuwala kofanana, ndi ndalama yachitsulo pambali pa bala kuti kukula kuzidziwika.

Zotuluka pabala

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka kwambiri, chifukwa chilichonse chachikasu amachitcha mafinya. Madzi a bala lomwe likupola amakhala opyapyala, oonekera, achikasu chotuwa ngati tiyi wosalowerera, nthawi zina ofiirira pang'ono ndi magazi. Akauma pa bandeji amasiya banga lachikasu lolimba. Amachepa tsiku ndi tsiku, ndipo pa bala losokedwa amayenera kukhala atatsala pang'ono kutha pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi. Mafinya ndi ena: ndi olemera ngati phala lamadzimadzi kapena chambiko, saonekera, amakhala oyera moderako, achikasu kapena obiriwira. Ndi mitembo ya asilikali aja osakanikirana ndi tizilombo ndi mnofu wosungunuka. Mukawapukuta ndi gozi amachoka mosavuta, koma mukadina pang'ono m'mbali mwa bala amatulukanso ena kuchokera m'kati.

Pali chinthu chachitatu chimene chimapezeka pa mabala osasoka, monga zokalika za pa tala kapena popsa ndi paipi ya utsi ya njinga yamoto, chomwe azimayi okwera kabaza amachidziwa bwino pa katumba. Pabala pamayala kansalu kachikasu kapena kotuwa, konyowa, komatirira. Kameneka si mafinya. Ndi zotsalira za madzi a magazi oundana ndi mnofu wakufa. Simungakapukute ngati mafinya chifukwa kamagwira pansi, ndipo mukadina m'mbali sipatuluka kanthu. Kakachuluka kamachedwetsa kupola ndipo anamwino amakachotsa potsuka, koma pakokha sikatanthauza kuti bala latukusira. Pansi pake pamayenera kuoneka mnofu watsopano wofiira bwino, wonyowa, wa timatuza ting'onoting'ono ngati m'kati mwa gwafa wakupsa, ndipo m'mphepete mwa bala mumayamba kamzere kotuwa ka khungu latsopano kolowera pakati. Mnofu umenewu ukasintha n'kukhala wofiira moderako, wofewa kwambiri, wotuluka magazi ndi kungoukhudza, kapena bala likayamba kukula m'malo mochepa, ndiye kuti tizilombo tapambana ngakhale mafinya asaoneke.

Za fungo, musaweruze pomwe mwangomasula bandeji. Bandeji yomwe yakhala masiku awiri pamwendo imanunkha, bala likhale labwino kapena ayi. Itayeni kutali, tsukani bala, dikirani mphindi zingapo, ndiye mununkhize. Fungo lomwe latsalabe bala litatsukidwa ndilo lili ndi tanthauzo. Madzi otsukira mungapange kunyumba: wiritsani theka la lita la madzi, thiranimo supuni yaing'ono imodzi ya mchere yosasefukira, asiyeni azizire ali ovundikira, ndipo otsala muwataye pakatha tsiku limodzi.

Tibwerere kwa mnyamata uja. Lachinayi kunali bwino, Lachisanu kunali bwino koposa, ndiye poti njinga ndi ya abwana ndipo ndalama ya tsiku imafunika, wavala jombo n'kubwerera pa siteji. Tsiku lonse mwendo uli lende, madzi amatope alowa mu jombo, bandeji yanyowa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Bandeji yonyowa siteteza kanthu, imangokhala mlatho wodutsira tizilombo, ndipo msongolo ndi malo ovuta kale chifukwa khungu lake lagona pafupa penipeni popanda mnofu wambiri wobweretsa magazi.

Loweruka usiku ululu wabwerera, ndipo si ululu uja woyamba. Woyamba unkamveka akaponda kapena akakhudza. Uwu ukugunda wokha ngati mtima, ali chigonere, ndipo panado wangoupeputsa kwa ola limodzi kapena awiri. Pa zizindikiro zonse, ichi ndi chimene chimafulumira kubwera komanso chimene anthu amachinyalanyaza kwambiri, amati mwina ndi kuzizira kapena anayenda kwambiri. Ululu womwe unatsika n'kukweranso tsiku lachitatu litadutsa uzitengedwa ngati kutukusira mpaka wachipatala atanena kuti ayi. Kugundako kumabwera chifukwa mafinya akusonkhana pamalo otsekeka pansi pa ulusi, ndipo mtima ukapopa magazi, kupanikizika kumakwera. Lamulungu m'mawa, patatha masiku asanu ndi limodzi chivulalire, khungu lozungulira ladera ndi kunyezimira masentimita 3 cha kumtunda, ulusi ukuoneka ngati wamira m'mnofu wotupa, ndipo pakati pa mfundo yachitatu ndi yachinayi milomo ya bala yatseguka pang'ono, pakutuluka kadontho koyera kolemera. Masiku amenewa sanangochitika mwangozi. Tizilombo tochuluka pa mabala otere, makamaka mtundu wotchedwa sitafilokokasi, timafuna masiku angapo kuti tichulukane mpaka kupanga mafinya. Pa mabala a opaleshoni, kuphatikizapo la mayi wobereka pong'ambidwa, achipatala amawerengera kuti kutukusira kungaoneke nthawi iliyonse m'masiku 30 oyamba.

Zofanana ndi kutukusira koma si ndiko

Mnyamatayu akanapanda kunyowetsa bala, akanakumanabe ndi zinthu zingapo zoopsa m'maso koma zopanda vuto. Pakati pa tsiku lachisanu ndi lachisanu ndi chinayi, pansi pa bala losokedwa pamamveka kamtunda kolimba ngati chingwe, kotsatira mzere wonse wa bala. Umenewo ndi mnofu watsopano womanga milomo iwiri ija, ndipo adokotala a opaleshoni amakondwa akaumva. Kusiyana kwake ndi chithupsa n'kwakuti kamtundako n'kofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira kwa bala, sikatentha, ndipo sikawawa kwambiri mukadina. Chithupsa chimatukumuka pamalo amodzi, chimatentha, chimawawa, ndipo chikapsa chimafewa pakati.

Kuyabwa kwa sabata yachiwiri n'kwa kupola. Koma kuyabwa koopsa kobwera ndi totupatupa kapena timatuza ta madzi, pamalo a makona anayi ofanana ndendende ndi pamene panamatidwa pulasitala, ndi khungu lomwe ladana ndi zomatira zake, kapena ndi mankhwala opaka. Kumayabwa kuposa kuwawa, ndipo kumazilala pulasitala ikachotsedwa n'kumanga ndi bandeji yokulunga. Magazi oundana pansi pa khungu nawonso amanamiza: amatsika okha kutsata kulemera, choncho bala lili pamsongolo koma patatha masiku atatu kakolo ndi phazi zadera. Malo oterowo satentha, ndipo kuderako kumapita kumunsi n'kumazilala. Kwa tizilombo nthawi zambiri kumatentha ndipo kumakonda kukwera cha kumtunda.

Mankhwala ena opaka amabisa zimene mukufuna kuona. Jivi amadetsa khungu lonse lozungulira moti malire a kufiira saonekanso, komanso amaumitsa pamwamba n'kupanga nkhanambo yolimba yomwe mafinya amatha kubisala pansi pake. Nkhanambo youma, yosawawa, yomwe ikuyamba kutukuka m'mbali ilibe vuto. Yomwe ikuwawa mukaidina, kapena ikutulutsa madzi olemera m'mphepete, ili ndi kanthu pansi. Sipiliti amawotcha maselo atsopano omwe akutseka bala. Phulusa, dothi, mankhwala otsukira mano ndi mafuta a mabuleki, zomwe ena amathira pabala, zimawonjezera zinyalala zomwe thupi liyenera kulimbana nazo, ndipo dothi ndi ndowe ndi kumene kumakhala tizilombo ta kafumbata.

Pamene zachoka pabala n'kulowa m'thupi

Kuwonjezera pa mitsempha ya magazi, thupi lili ndi timitsempha tina tonyamula madzi a mu mnofu kupita nawo ku timbewu tosefa tomwe tili m'mphechepeche, m'khwapa ndi m'khosi. Tizilombo tikalowa m'njira imeneyi, timbewuto timatupa ndi kuwawa. Ndiye mwanabere uja. Bala la kumwendo limatupitsa mwanabere wa m'mphechepeche mbali yomweyo, la kudzanja limatupitsa wa m'khwapa. Nthawi zina njirayo imaoneka ngati mzere wofiira wochokera pabala kukwera m'ntchafu kapena m'mkono. Pa khungu lakuda mzerewo sungaoneke, koma umamveka: kanjira kowawa, kotentha pang'ono, mukatsatira ndi chala m'kati mwa ntchafu. Chizindikiro chimenechi si chodikira nacho mawa.

Kutentha thupi kofika madigiri 38 kapena kupitirira, kuzizidwa mpaka kunjenjemera, kuphwanya m'thupi ndi kusafuna kudya zikutanthauza kuti thupi lonse lalowa m'nkhondoyo. Kutenthako kuyezedwe musanamwe panado kapena bulufeni, chifukwa mankhwalawa amakutsitsa kwa maola angapo n'kukupusitsani. Popanda choyezera, werengani kugunda kwa mtima pa mkono kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Munthu wamkulu wopuma amakhala pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Werenganinso kupuma kwa mphindi yathunthu, wodwalayo asakudziwa: kwabwino ndi 12 mpaka 20. Mtima wopitirira 100, kupuma kofika 22, kusokonezeka mutu kapena kuodzera kwachilendo, kukodza pang'ono kwambiri, chizungulire poimirira, izi ndi zizindikiro zoti tizilombo tayamba kugwetsa ziwalo za m'kati, ndipo munthuyo apite ku Chipatala Chachikulu cha Mzuzu kapena china chilichonse chapafupi nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Kuno kwathu kutentha thupi kulikonse timathamangira kunena kuti ndi malungo, makamaka munthu akakhala kuti anatsikira ku Nkhata Bay posachedwa. Kuyezetsa malungo n'koyenera, koma muonetseni wachipatala balalo ngakhale sanafunse, ndipo limasulidwe, asangoona bandeji. Zotsatira zikasonyeza malungo sizikutanthauza kuti bala lilibe mlandu, chifukwa ziwirizi zimatha kubwera pamodzi.

Pali kutukusira kwina komwe sikutsata masiku tawerenga aja. Tizilombo ta mtundu wa sitirepitokokasi, ndi tina ta m'dothi tomwe timakonda mabala akuya ophwanyika mnofu, timatha kufalikira m'maola 24 mpaka 48 oyamba, ndipo kawirikawiri sitipanga mafinya olemera, timangotulutsa madzi otuwa ngati otsukira mbale. Chenjezo lake lalikulu ndi ululu woposa kwambiri kukula kwa bala, munthu wamkulu kulira ndi kabala kooneka kachabechabe, ululuwo n'kumamveka kutali ndi malire a kutupa. Kenako pamabwera matuza akuda kapena a magazi, khungu lachita dzanzi, kutupa kodumpha mzere wa bolopeni m'maola awiri kapena atatu, ndipo nthawi zina mukadina pamamveka kuthetheka kwa mpweya pansi pa khungu. Apa mankhwala okha sathandiza, pamafunika opaleshoni yochotsa mnofu wakufa, ndipo ola lililonse lochedwa limadya mwendo. Mabala olumidwa nawonso amafulumira, makamaka mano a mphaka pa dzanja, omwe amabaya mozama n'kutseka pamwamba. Amatha kutukusira tsiku lisanathe. Bala la galu kapena mphaka litsukidwe ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe, lioneke bwino kapena ayi. Kafumbata nayenso sadalira maonekedwe a bala: amayamba pakatha masiku 3 mpaka 21, ndi kuuma nsagwada ndi khosi, nthawi zina bala litapola kale.

Ndipo pali anthu omwe thupi lawo silikuwa. Wodwala shuga kwa zaka zambiri mitsempha ya kuphazi imafa dzanzi, choncho ululu uja tadalira kwambiri sabwera. Amene chitetezo chawo chatsika, monga yemwe ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi koma sakumwa bwino mankhwala, amene akulandira mankhwala a khansa, amene amamwa pulediniso kwa nthawi yaitali, okalamba ndi ana onyentchera, amatha kukhala ndi bala lotukusira kwambiri popanda kutentha thupi ndi kutupa kooneka. Kwa iwowa, bala lomwe langoima osachepa kwa sabata ziwiri, madzi omwe achuluka, fungo latsopano, kapena shuga yemwe wakwera popanda kusintha chakudya zimakwanira kupitira kuchipatala. Chilonda chilichonse cha kuphazi kwa wodwala shuga chionedwe ndi achipatala ngakhale chisakuwawa.

Zimene zimachitika kuchipatala, ndi chifukwa chake makapisozi a pagolosale amalephera

Mnyamata wathu akanatha kuchita zimene ambiri amachita: kugula makapisozi angapo a amokisilini, ena kumwa, ena kutsegula n'kuwaza ufa wake pabala. Zimenezi zimalephera pa zifukwa zomveka. Tizilombo tambiri ta sitafilokokasi timatulutsa chinthu chomwe chimaphwanya amokisilini asanagwire ntchito, n'chifukwa chake achipatala amasankha mankhwala ena monga kulokisasilini pa matenda a pakhungu. Ufa wa kapisozi unapangidwa kuti usungunuke m'mimba. Pabala umangouma n'kukhala chikhakha chotsekera mafinya m'kati. Chachikulu koposa n'chakuti m'thumba la mafinya simufika magazi, choncho ngakhale mankhwala oyenera safikamo bwino. Mafinya amafuna khomo lotulukira.

Choncho wachipatala akaona bala lija amadula mfundo imodzi kapena ziwiri za ulusi pamene pali mafinya, n'kutsegula milomo ya bala. Odwala ambiri amakhumudwa pamenepa poganiza kuti ntchito yabwerera pambuyo, komabe ululu wogunda uja umatsika tsiku lomwelo chifukwa kupanikizika kwatha. Amatsuka m'kati ndi madzi amchere, amayang'ana ngati munatsalira mchenga, kachitsulo kapena kansalu ka buluku, chifukwa chinthu chotsalira chimasunga tizilombo mpaka chitachotsedwa, ndipo amaona kuya kwake poti pamsongolo fupa lili pafupi. Akatero amaikamo gozi wonyowa mosapanikiza n'kusiya bala losasoka kuti lidzaze lokha kuchokera pansi. Kulisokanso nthawi yomweyo n'kutsekera tizilombo m'nyumba. Pamene kuli kotheka amatenga mafinya kupita nawo ku labotale, kumene amakulitsa tizilomboto kuti adziwe mankhwala omwe angatiphe. Poti kwa mnyamatayu kuderako kukukwerabe ndipo mwanabere watupa, alandiranso mankhwala akumwa, kawirikawiri a masiku 5 mpaka 7. Kulokisasilini amamwedwa kanayi pa tsiku, m'mimba mulibe chakudya, ndipo aliyense amene anatupapo kapena kutuluka zidzolo atalandira penisilini anene asanapatsidwe.

Kunyumba, mwendo ukhale pamwamba kuposa chiuno nthawi zambiri, bala lizitsukidwa ndi kumangidwa tsiku lililonse kapena bandeji ikangonyowa, ndipo mzere watsopano wa bolopeni ulembedwe tsiku loyamba mankhwala. M'maola 24 oyamba kuderako kumatha kudumpha mzerewo pang'ono ngakhale mankhwala akugwira, chifukwa tizilombo tikamafa timatulutsa poizoni wake. Chomwe chimayamba kusintha ndi munthu mwini: kutentha thupi kumatsika, chilakolako cha chakudya chimabwerera, amagona. Khungu limatsatira pambuyo, limayamba kuchita makwinya pamene linali lonyezimira, ndipo nthawi zina limasupuka pamwamba. Ngati pakatha maola 48 mpaka 72 palibe chasintha, kapena kuderako kukupitirirabe, abwerere asanamalize mankhwalawo. Kawirikawiri ndiye kuti pali thumba lina la mafinya lomwe silinatsegulidwe, pali chotsalira m'kati, kapena tizilomboto sitikumva mankhwala amenewo ndipo pakufunika ena obaya. Bala lotsegulidwa chotere limatenga masabata angapo kuti litseke, ndipo chipsera chake chimakhala chotambalala kuposa cha bala lomwe linapola ndi ulusi wake. Chipseracho chimatha kukhala chodera, cholimba ndi choyabwa kwa miyezi yambiri, koma sichitentha, sichitulutsa kanthu, ndipo mukachidina sichiwawa.